Kodi 24-bit ingachotse kaphokoso pa nyimbo za kwaya?

Funso: Ndimajambula kwaya yathu ku Kawale ndi rekoda ya m'manja yomwe ili pa 16-bit. Ndikakweza mawu pakompyuta, pamamveka kaphokoso kosalekeza pamene kwaya ikuimba motsitsa. Kodi ndikaika pa 24-bit kadzatha?

Yankho: Bambo, kadzachepa pokhapokha ngati kakuchokera ku kuchepa kwa mabiti, ndipo pa marekoda ang'onoang'ono nthawi zambiri gwero lake limakhala lina.

Rekoda imayeza mphamvu ya mawu kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo muyeso uliwonse imaulemba ngati nambala. Mabiti ndiwo timadijiti tolembera nambalayo, ndipo pa 16-bit rekoda ili ndi manambala 65,536 oti isankhepo, choncho muyeso ukagwera pakati pa manambala awiri, imangotenga imene ili pafupi. Kaphonyedwe kameneka, ngakhale sikapitirira theka la mpata wa manambala awiriwo, kamasanduka phokoso lapansipansi. Mtunda wochokera pa phokosoli kufika pa 0 dBFS, pamwamba penipeni pa mita ya rekoda pomwe mawu amayamba kuphwanyika, ndiwo malo onse amene nyimbo yanu ili nawo, ndipo biti iliyonse imawonjezera madesibelo pafupifupi 6, madesibelo pokhala muyeso wa kukwera kwa mawu. Motero 16-bit imapereka madesibelo 96, pamene 24-bit imapereka 144 papepala, ngakhale kuti zipangizo zabwino zimathera cha m'ma 120.

Tiyerekeze kuti munatsitsa Gain, chokwezera mphamvu ya mawu olowa mu rekoda, poopa kuphwanya mawu, ndipo kwaya itakweza kwambiri, mita inangofika pa -30 dBFS. Pamenepo mabiti asanu apamwamba sanagwire ntchito, ndipo mwatsala ndi madesibelo 66. Ndime yoimbidwa motsitsa ikakhala madesibelo 30 pansi pa yokwezayo, ndiye kuti yaposa phokosolo ndi 36 okha, ndipo mukakweza pakompyuta, zonse ziwiri zimakwera pamodzi. Pa 24-bit phokoso la mtundu umenewu likanatsika ndi madesibelo 48 ena, moti simukanalimva n'komwe.

Komabe maikolofoni ndi zokuzira mawu za mkati mwa rekoda zili ndi phokoso lawolawo, lomwe mabiti sangalichotse. Kuti mudziwe gwero, jambulani m'chipinda chachete kawiri, pa 16-bit ndi pa 24-bit, osasintha Gain, kenako mukweze mafayilo onse mofanana n'kumvetsera ndi mahedifoni. Akamveka chimodzimodzi, vuto lili pa zipangizo kapena pamalo, ndipo chothandiza ndi kusendeza maikolofoni pafupi ndi oimba.

Ine ndimalangiza kujambula pa 24-bit nthawi zonse, mawu okwera kwambiri akufika cha pa -12 dBFS, chifukwa kwaya imadzidzimutsa ikafika pa kolasi. Mukamatsitsira fayilo yomaliza ku 16-bit, yatsani Dither, yomwe imathira kaphokoso kosalala kuti mawu akamazilala asamveke mokhakhala. Zimene munajambula kale pa 16-bit sizingakonzeke pozisintha kukhala 24-bit, popeza kaphonyedweko kanalembedwa kale m'manambala.