Chojambula cha mageti a lojiki: patsani waya aliyense dzina musanalembe tebulo

"Ndine mtsikana wa Fomu 4 kuno ku Lizulu. Mageti onse ndinawaloweza, koma akalumikizidwa anayi pamodzi mutu umaima. Pachojambula chomwe tapatsidwa, A akulowa mu NOT, kenako mu AND pamodzi ndi B. B yemweyo ndi C akulowa m'geti looneka ngati OR koma lili ndi kabwalo kakang'ono kunsonga. Mawaya awiri otulukawo akukumana mu OR yomaliza, yomwe ikutulutsa X. Ine pa X ndinapeza 0, 1, 1, 1, 0, 1, 1, 1, koma akuti ndalakwa. Ndasochera pati?"

Achemwali, chakugwetsani ndi kabwalo kaja. Mizere yanu munaindandalika bwino ndithu, ndipo manambala anuwo ndi omwe munthu angapeze akawerenga geti lachitatulo ngati OR wamba. Koma kabwalo kakakhala kunsonga kwa geti kamatembenuza chotulukacho, 1 amasanduka 0, 0 amasanduka 1. OR yokhala ndi kabwalo ndi NOR, AND yokhala ndi kabwalo ndi NAND. Ngakhale pa NOT, chomwe chimatembenuza ndi kabwaloko. Makona atatu a chizindikiro cha NOT paokha, opanda kabwalo, amangodutsitsa chomwe alandira.

Choncho musanawerengere kanthu, lembani dzina la geti lililonse mkati mwake ndi pensulo. AND kumbuyo kwake ndi kowongoka, imaoneka ngati chilembo D. OR kumbuyo ndi kopindikira mkati, kutsogolo kosongoka ngati mutu wa mkondo. XOR ndi OR yomweyo koma ili ndi mzere wina wopindika kumbuyo. Mukalizindikira geti, yang'anani kunsonga kwake kawiri, chifukwa pamapepala ochita fotokope kabwaloko kamafufutika n'kumaoneka ngati kadontho ka inki.

Kenako patsani dzina waya aliyense wotuluka m'geti. Apa ndi pomwe ambiri amachita ulesi, amafuna kudumpha kuchoka pa A, B ndi C n'kukatera pa X ndi mutu wokha. Pa mageti awiri zimatheka, pa anayi munthu amaiwala zomwe wasunga. Waya wotuluka mu NOT timutche P, wotuluka mu AND akhale Q, wotuluka mu NOR akhale R. Chojambula chonse chija chasanduka timizere tinayi:

```
P = NOT A
Q = P AND B
R = B NOR C
X = Q OR R
```

Kuchuluka kwa mizere ya tebulo kumachokera ku zolowa, osati ku mageti. Cholowa chilichonse chili ndi mbali ziwiri zokha, ndiye zolowa zitatu zimapereka 2 × 2 × 2 = 8. Zikanakhala zinayi, mizere ikanakhala 16. Kuti pasabwerezedwe mzere kapena kusowa wina, pansi pa C lembani 0 ndi 1 mosinthanasinthana, pansi pa B awiriawiri, pansi pa A anayianayi.

Tsopano dzazani kolamu imodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi musanapite ku inzake. Musayende mzere ndi mzere. Mukamayenda chopingasa mumasintha lamulo kanayi pamzere uliwonse, ndipo NOR ndi OR zimayamba kusakanikirana m'mutu. Mukamatsika ndi kolamu, lamulo ndi limodzi basi. P ndi A wotembenuzidwa. Q ndi 1 pokhapo pomwe P ndi B onse ali 1. Polemba R, phimbani A, P ndi Q ndi rula, chifukwa sakukhudzidwa, ndipo ikani 1 pomwe B ndi C onse ali 0. X ndi 1 paliponse pomwe Q kapena R ali 1.

```
A B C | P Q R | X
0 0 0 | 1 0 1 | 1
0 0 1 | 1 0 0 | 0
0 1 0 | 1 1 0 | 1
0 1 1 | 1 1 0 | 1
1 0 0 | 0 0 1 | 1
1 0 1 | 0 0 0 | 0
1 1 0 | 0 0 0 | 0
1 1 1 | 0 0 0 | 0
```

Tengani mzere wachisanu, A = 1, B = 0, C = 0, muutsate ndi chala pachojambula. A akadutsa mu NOT asanduka 0, ndipo AND ikangolandira 0 mmodzi yatha, Q ndi 0. B ndi C onse ali 0, OR wamba ikanapereka 0, kabwalo n'kutembenuza, R ndi 1. OR yomaliza ilandira 0 ndi 1, itulutsa 1. Inu pamenepa munalemba 0.

Yankho lanu lija linali ndi chizindikiro chomwe chikanakuchenjezani aphunzitsi asanalione. Manambala anayi oyamba, 0, 1, 1, 1, ndi omwewonso anayi omaliza. Mizere inayi yapamwamba ndi ya A = 0, inayi yapansi ndi ya A = 1, ndiye zikafanana chonchi zikutanthauza kuti A alibe ntchito, NOT ndi AND zija zajambulidwa pachabe. Zoterezi zimachitika nthawi zina, koma wofunsa mafunso kawirikawiri sawononga mageti awiri chonchi. Mukaona cholowa china sichikusintha kanthu, bwererani kuchojambula.

Njira ina yodziyesera ndi kuwerenga ma 1 m'kolamu. Pa mizere 8, NOT imapereka ma 1 anayi, AND awiri, NOR awiri, OR ndi NAND asanu ndi limodzi, XOR anayi. R wanu akanakhala ndi ma 1 asanu ndi limodzi, pomwe NOR imayenera kupereka awiri. Koma chenjerani, kawerengedwe aka kamagwira pa geti la mawaya awiri lomwe likudyetsedwa ndi zolowa ziwiri zosiyana, kaya mwachindunji kaya kudzera mu NOT yokha. Pa OR yomaliza sikagwira, chifukwa Q ndi R adutsa kale m'mageti ena, n'chifukwa chake X ali ndi ma 1 anayi.

Pali msampha wina womwe kuwerenga ma 1 sikungaugwire, ndi wa mawaya odutsana. Waya wa B wagawika pawiri, ndipo pogawikirapo pamakhala kadontho kakuda. Mawaya akadutsana popanda kadontho ndiye kuti sanalumikizane. Tiyerekeze kuti diso laterereka, mwatenga waya wa C ngati ndi amene akulowa mu AND. Q adzakhalabe ndi ma 1 awiri, X adzakhalabe ndi anayi, koma adzatuluka 1, 1, 0, 1, 1, 0, 0, 0. Mzere wachiwiri ndi wachitatu zasinthana, ndipo palibe chooneka chachilendo. Mankhwala ake ndi kuyambira pa mwendo wa geti n'kutsata waya chobwerera mpaka pomwe wachokera, n'kulemba chilembo chake pamwendo pomwepo. Kutsata chobwerera n'kwabwino kuposa kuyambira kumanzere, popeza mwendo uliwonse uli ndi gwero limodzi lokha, pomwe waya wa B ukamapita nawo kutsogolo umagawika ndipo nthambi imodzi imaiwalika.

Ngati kusukulu kwanu kuli zipangizo, tebuloli likhoza kuyesedwa ndi matchipi anayi: 7404 ya NOT, 7408 ya AND, 7402 ya NOR ndi 7432 ya OR. Onse amafuna mavoti 5 pa mwendo 14, mwendo 7 n'kupita ku 0. Pa X ikani LED pamodzi ndi rezisita ya 330 Ω. Samalani ndi 7402, miyendo yake sinayalidwe ngati ya 7408 ndi 7432: geti lake loyamba limatulutsira pa mwendo 1 n'kulandira pa 2 ndi 3, pomwe anzakewo amalandira pa 1 ndi 2 n'kutulutsira pa 3. Ndipo cholowa chomwe mukufuna chikhale 0 chilumikizeni ku 0 ndi waya, musangochisiya lende. Pa matchipi a mtundu wa 74LS mwendo wosalumikizidwa umawerengedwa ngati 1, pomwe pa 74HC umangosinthasintha, moti LED imaphethira mukangoyandikitsa dzanja.