Dakwi yokufikitsani mpaka dzuwa kulowa

"Ndimagulitsa salaula ku Kamwala. Pa dakwi ndimadya buledi ndi tiyi wa shuga wambiri, koma ikamakwana 11 koloko njala imakhala yandigwira kale, masana mutu n'kumawawa. Pofutulu ndimakhuta mpaka kulephera kuimirira pa tarawehe. Ndisinthe chiyani?" Akufunsa choncho mayi wina wa ku Chawama amene akusala m'mwezi wa Ramadani. Dakwi ndi chakudya cha m'bandakucha asanayambe kusala, kufutulu ndi kumasula dzuwa likalowa, ndipo tarawehe ndi mapemphero a usiku a mweziwo.

Mayi, yambani ndi bulediyo. Buledi woyera ndi shuga zimagayika msanga: shuga wa m'magazi amakwera mwadzidzidzi, kenako n'kutsika pakangopita maola ochepa, ndipo njala ya 11 koloko ija imachokera pamenepo. Kuno ku Lusaka, Ramadani ikagwa mu Febuluwale kapena Malichi, timasala maola opitirira 13, choncho pamafunika chakudya chokhalitsa m'mimba.

Phikani phala la ufa wa rola, umene ena amati mgaiwa, osati woyera uja, chifukwa gaga wake amachedwetsa kugayika. Ufa theka la kapu, madzi makapu awiri, nsinjiro masupuni atatu, libwate mphindi 15. Shuga kasupuni kamodzi basi. Pambali pakhale mazira awiri owiritsa ndi nthochi imodzi. Mazira ndi nsinjirozo ndi zimene zimagwira mimba, musazisiye poganiza kuti phala lokha lakwana. Mazira mutha kuwiritsiratu usiku, kuti magetsi akazima m'bandakucha mungotsala ndi phala pa mbaula. Ndipo idyani chakumapeto kwa nthawi ya dakwi, osati 1 koloko usiku n'kukagonanso.

Kapenta wouma ndi zonse za mchere wambiri zisapezeke pa dakwi. Ludzu lake mudzalimva dzuwa likafika pamutu muli pa thebulo lanu.

Mutuwo kawirikawiri umakhala wa kuchepa kwa madzi. Kugugudiza jagi yonse nthawi ikutha sikuthandiza, ambiri amangotuluka ndi mkodzo. Agaweni chonchi: makapu awiri pofutulu, awiri mukadya, awiri pochokera ku tarawehe, awiri pa dakwi. Mkodzo wa m'mawa ukakhala wachikasu chodera, dziwani kuti simunamwe okwanira.

Madzulo musayambe ndi vitumbuwa ndi masamusa. Mafuta ake amachedwa kuchoka m'mimba, n'chifukwa chake thupi limalemera ndipo chilungulira chimakwera mukamawerama. Futulani ndi tende zitatu ndi madzi, mupemphere magharibi, kenako mudye nsima mitanda iwiri yapakati, nyemba kapena nsomba, ndi chibwabwa chotendera. Njala ikabweranso pambuyo pa tarawehe, kandolo wophika mmodzi ndi kapu ya mabisi zikwana.

Ngati muli ndi matenda a shuga, muli oyembekezera kapena mumamwa mankhwala tsiku lililonse, kaonaneni ndi adokotala musanapitirize kusala. Kunjenjemera, thukuta lozizira ndi chizungulire chosokoneza maganizo ndi zizindikiro zoti shuga watsika kwambiri, ndipo zikatero imwani chotsekemera nthawi yomweyo, tsikulo mudzalibweza.