Kupempha nthawi kwa supavaiza: yambani ndi tsiku la dilafuti

"Ndikufuna kulembera imelo supavaiza wanga wa kafukufuku kuti tikumane pa chaputala 3. Nditchule nthawi ndekha kapena asankhe okha? Nanga dilafuti nditumize liti?"

Tchulani nokha. Mukalemba kuti "mundiuze nthawi yomwe muli ndi mpata", mwawapatsa ntchito yofufuza pakalendala, ndipo imelo yotere imagona masiku osayankhidwa. Koma musanasankhe masiku okumana, dziwani kaye tsiku limene dilafuti idzathedi. Pa tsikulo wonjezerani masiku awiri a zogwa mwadzidzidzi, ndipo limenelo ndilo mulonjeze. Kukumana kubwere patatha sabata yathunthu, chifukwa masamba 20 ofuna ndemanga amadya maola angapo, ndipo munthuyo akuphunzitsanso, ali ndi ophunzira ena.

Tinene kuti mumaliza Lamulungu pa 5 Okutobala. Pamutu wa imelo lembani dzina lanu ndi mawu oti "kupempha kukumana, chaputala 3". Mkatimo muzikhala chonchi:

"A Dokotala, ndikupempha kukumana nanu kwa mphindi 30 kuti tikambirane chaputala 3 cha njira za kafukufuku. Ndidzakutumizirani dilafuti ya masamba pafupifupi 20 Lachiwiri pa 7 Okutobala, 12 koloko masana isanakwane. Ndingathe kubwera Lachiwiri pa 14 nthawi ya 10 koloko m'mawa, Lachinayi pa 16 nthawi ya 2 koloko masana, kapena Lolemba pa 20 nthawi ya 9 koloko m'mawa. Ngati nthawizi sizikukuyenerani, ndidzatsata imene munganene. Pamene pakundivuta kwambiri ndi pa gawo 3.4: sindikutsimikiza ngati chiwerengero cha anthu ofunsidwa chikukwanira kuyankha funso langa lachiwiri. Zikomo kwambiri."

Onani kuti nthawi zitatuzo zili pa masiku osiyana, ina m'mawa ina masana. Mukaziunjika tsiku limodzi n'kupezeka kuti tsikulo ali ndi msonkhano, zonse zagwa pamodzi. Lembaninso dzina la tsiku ndi deti lomwe, popeza "Lachiwiri likubwerali" limasokoneza imelo ikawerengedwa mochedwa. Chiganizo cha gawo 3.4 musachisiye, ngakhale atapanikizika, adzawerenga pamenepo, ndipo mphindi 30 zija sizidzathera pa mipatuliro ndi kalembedwe ka mawu.

Dilafuti itumizeni ngati fayilo ya Word kuti athe kulembamo ndemanga, pokhapokha ngati iwo amakonda PDF. Ikani manambala a masamba, ndipo muitumize poyankha imelo yomwe ija kuti zonse zikhale pamalo amodzi.

Pamene ambiri amalakwitsa m'pa lonjezo. Mukaona pa 5 kuti simumaliza, lembani tsiku lomwelo, osadikira pa 7 padutse muli chete. Nenani zomwe zatha, mutumize zimenezo, kapena mupemphe kuti kukumana kusunthire pa 20. Kutumiza usiku woti mawa mukumana sikuthandiza konse, chifukwa adzatsegula fayiloyo inu muli pampando. Akapanda kuyankha patatha masiku anayi kapena asanu a ntchito, akumbutseni mwaulemu pa imelo yomweyo, ndipo ngati tsiku lina mwa atatuwo layandikira kwambiri, ikanipo lina.