Gemu ikakudyani kambiri, ndiye kuti yatsala pang'ono kulipira?

"Achimwene, ndimasewera masiloti a pa foni ndikaweruka. Gemu ina yandidya masipini 200 a K200 iliyonse osandipatsa bonasi olo imodzi. Anzanga pa depoti akuti ndisaisiye chifukwa yapsa, yakhuta ndalama ndiye ikuyenera kusanza. Ena akuti ndizisewera usiku kapena ndizidina Stop mwachangu. Zoona zake ndi ziti?" (wa ku Chibavi)

Achimwene a ku Chibavi, gemuyo siyakhute ndipo siyimva njala. Sipini yanu ya 201 ili ndi mwayi omwe uja unali pa sipini yoyamba, sunachuluke sunachepe. Koma ndikangonena choncho anzanu a pa depoti anditsutsa, ndiye tiyeni tilowe mkati mwa gemu muone nokha mmene zimayendera.

Choyamba, zomwe zimazungulira pa sikirini zija si zomwe zimagamula. Mukadina Spin, foni yanu imatumiza uthenga ku seva ya kampani yomwe inapanga gemu, ndipo nthawi zambiri kampani imeneyi ndi ina, si ija mwaikako ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money ayi, iwowo amangobwereka magemu. Ku sevako kuli pulogalamu yotchedwa RNG, ntchito yake ndi imodzi basi, kutulutsa manambala osalosereka. Imatulutsa manambala, gemu imawasandutsa zithunzi, imawerengera ngati mwapata kapena ayi, kenaka yankho limabwerera ku foni kwanu, zonsezi sekondi isanathe. Kuzungulira kuja ndi kanyimbo kaja zimabwera nkhani itatha kale. Nchifukwa chake netiweki ikaduka pakati pa sipini, monga imatichitira kuno kukagwa mvula ija ya masiku angapo osakata, mukalowanso mumapeza balansi yasintha kale kapena gemu ikumalizitsa sipini yomwe ija. Ndiye za batani la Stop zatheratu pompa. Limangofupikitsa kanema, mwaona msanga zomwe zinagamulidwa kale.

Tsopano nambala imasanduka bwanji chithunzi? Tipange gemu yathu yongoyerekeza ya mawilo atatu, wilo iliyonse ili ndi malo 64, kuyambira 0 mpaka 63. Opanga gemu amalemba ndandanda: malo 0 ndi seveni, malo 1 mpaka 4 ndi belu, malo 5 mpaka 12 ndi chipatso, ena ndi zithunzi zotchipa, ena mulibe kanthu. RNG yatulutsa manambala atatu, imodzi pa wilo iliyonse, tinene kuti 1,000,037 ndi 2,000,005 ndi 640,012 (enieni amakhala akuluakulu kuposa awa, ndasankha osavuta). Njira yodziwika ndi kugawa nambala ndi 64 nkutenga chotsala. Yoyamba chotsala ndi 37, yachiwiri 5, yachitatu 12. Gemu ikayang'ana pa ndandanda paja, 37 tinene kuti mulibe kanthu, 5 ndi chipatso, 12 ndi chipatsonso. Basi sipini yatha, ngati zipatso ziwiri sizilipira K200 yapita.

Onani kuti seveni ali ndi malo amodzi okha mwa 64 pomwe chipatso chili ndi 8. Kuti maseveni atatu agwe pamodzi ndi 64 x 64 x 64, kutanthauza kamodzi pa masipini 262,144. Apa mpomwe pagona phindu la kampani, pa ndandanda komanso pa kuchuluka kwa zomwe amalipira, safunikanso kukuberani pa sipini iliyonse. Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu, Inge Telnaes analembetsa umwini wake ku Amerika mu 1984, kuti wilo yooneka ndi maso ikhale ndi zithunzi zochepa koma mkati mwa kompyuta muli malo ambirimbiri ogawidwa mosafanana. Ndipo zikakhala kuti malo opanda kanthu oyandikana ndi seveni apatsidwa manambala ambiri, mudzaona kawirikawiri maseveni awiri agwa, wachitatu waima pamwamba pang'ono pa mzere, mtima nkugunda kuti yatsala pang'ono. Sinatsale pang'ono. Chotsala chikhale 63 kapena 30, zonse ndi kuluza kofanana.

Mukaonetsetsa masamu tachitawa mulibe paliponse pomwe gemu yafunsa kuti munthuyu waluza kangati, waika zingati lero, kapena ndi nthawi yanji ku Mzuzu. Nambala yalowa, ndandanda yayankha. Sipini yotsatira manambala atsopano, ndandanda yomweyo, malo 64 onse alipo. Anzanu aja akuganiza ngati ndi makadi, ndipo pa makadi akanalondola: mukachotsa makadi 40 pa mpukutu nkuwaika pambali eyisi osatuluka, ndiye kuti maeyisi onse anayi ali mu 12 otsalawo, mwayi wakweradi. Koma siloti imabwezera khadi lililonse mu mpukutu nkusakanizanso musanatolenso lina. Palibe chimachoka, ndiye palibe chomwe chingatsalire kuti chikudikireni.

Wina amene anaphunzirako za makompyuta ku Mzuni andifunsa kuti, komatu RNG zambiri ndi masamu chabe, zimayamba ndi nambala yambewu ndipo nambala yotsatira imachokera pa zomwe zili mkati mwake, ndiye mukuti sizikumbukira bwanji? Funso labwino. Zoona pulogalamu ngati Mersenne Twister, yomwe anapanga Makoto Matsumoto ndi Takuji Nishimura mu 1997, imasunga manambala ake mkati nkumawasakaniza. Koma zomwe imasungazo ndi zake zamasamu, sizikhudzana ndi balansi yanu kapena kuti sipini yapita inalipira. Kuonjezera apo makampani osamala amagwiritsa RNG zolimba zamtundu omwe umateteza mapasiwedi, amazithira mbewu yatsopano pafupipafupi, ndipo seva imodzi imatumikira anthu ambiri nthawi imodzi moti nambala yotsatana ndi yanu mwina yapita kwa munthu wa dziko lina. Zinachitikapo kuti gulu lina la ku Russia linatulukira masamu a makina akale a m'makasino, amajambula sikirini ndi foni nkuwerengera nthawi yodinira batani, ena anagwidwa ku Amerika mu 2014. Amenewo anali ndi akatswiri omwe anaphwasula makina enieni nkupeza RNG yofooka. Sizofanana ndi mnyamata wa pa WhatsApp amene akukugulitsani "nthawi zolipira" pa K5,000, ameneyo akanazidziwa sakanavutika ndi K5,000 yanu.

Tibwere pa masipini anu 200 aja. Tinene kuti gemu yanu inapangidwa kuti bonasi izigwa kamodzi pa masipini 200, mongoyerekeza. Anthu amamva ngati ndi lonjezo kuti pofika 200 yagwa basi, pomwe tanthauzo lake ndi loti sipini iliyonse payokha ili ndi mwayi umodzi mwa 200. Mukachulukitsa 199/200 kokwana 200 mumapeza pafupifupi 0.37, ndiye kuti mwa anthu 100 osewera masipini 200, pafupifupi 37 amatuluka osaiona bonasi. Inu muli m'gulu lalikulu ndithu, palibe chachilendo chachitika. Okafika 400 osaiona ndi anthu 13 kapena 14 mwa 100, okafika 600 ndi pafupifupi 5. Ndipo chowawa ndi ichi, mutadikira kale 200, mtunda omwe mukuyembekezera kutsogolo ukadali 200 womwe uja. K40,000 yomwe mwaponya siinakugulireni malo pa mzere.

Si inu oyamba kukodwa. Ku kasino ya Monte Carlo mu 1913 kampira ka ruleti kanagwa pa mtundu wakuda ka 26 motsatana, anthu anali kuunjika ndalama pa ofiira ati tsopano nthawi yake yakwana, anasauka nazo.

Pali funso lina lomwe limatsalira, nanga RTP, gawo la ndalama zoponyedwa lomwe gemu imabwezera osewera onse pa avareji, ija imalembedwa mukadina kachizindikiro ka i kapena Help, monga 96%, imakwanira bwanji ngati gemu sikumbukira kuti ili ndi ngongole? Siyibweza ngongole, zanu zimangomira mu unyinji. Mwaponya K40,000 mwina timawini tating'ono takubwezerani K20,000, ndiye inu muli pa 50%. Koma anthu onse pamodzi akaponya masipini mamiliyoni khumi, K20,000 yanu yosowayo siyioneka nkomwe pa chiwerengero chonse, avareji imafika pafupi ndi 96% popanda wina kukubwezerani tambala. Zomwe 96% ikukuuzani ndi mtengo wosewerera, K4 pa K100 iliyonse yomwe mwaponya, osati yomwe mwadipozita. Anthu amasokonezeka pamenepa, munthu wadipozita K10,000 yokha koma amaponyanso zomwe wawina, pofika masipini 500 a K200 wazungulitsa K100,000, ndipo mtengo wake pa avareji ndi K4,000. Kusewera usiku, kusintha foni, kutsitsa beti kenaka nkukweza mwadzidzidzi, zonsezi sizisintha ndandanda, kukweza beti kumangokulitsa ndalama yomwe 4% ikudulidwapo.

Kuti ndisakunamizeni, zilipo zinthu zomwe zimasungidwadi. Magemu ena ali ndi kamita komwe kamadzadza mukatola zithunzi zinazake, ena ali ndi jakipoti yomwe imakula ndi mabeti a anthu onse, ina mpaka imalembedwa kuti iyenera kugwa isanafike ndalama yakutiyakuti. Zimenezo zimaoneka poyera pa sikirini ndipo zimalembedwa m'malamulo a gemu, komanso zinawerengeredwa kale mu RTP, si mphatso. Ngati gemu yanu ilibe mita yoteroyo ndiye palibe chomwe chikuunjikana mobisika.

Zonse ndanenazi zikugwira pa gemu yoyesedwa. Pali makampani ngati GLI, eCOGRA ndi iTech Labs omwe amatenga RNG nkuitulutsitsa manambala mamiliyoni, kuona ngati malo onse akugwa mofanana komanso ngati nambala ina ikutha kulosera inzake. Kuno kwathu opereka malaisensi a za njuga ndi MAGLA, ndiye yang'anani pansi pa tsamba ngati pali laisensi, ndipo tsegulani Help muone RTP ya gemu yomweyo pa saiti yomweyo chifukwa gemu imodzi imatha kukhala ndi ma RTP osiyana kutengera omwe aibwereka. Ma APK, mafayilo aja oikira gemu mu foni otumizirana pa magulupu, opanda dzina la opanga, opanda mbiri ya masipini anu, amenewo mwini wake atha kuika chilichonse mkati, ngakhale kukupatsani mawini oyamba dala kuti mudipozitenso. Ndipo olo pamenepo anzanu a pa depoti sakupambana mtsutso, chifukwa gemu yachinyengo ikamakumbukira imakumbukirira mwini wake, siyisungira inu bonasi.