Kodi ts wa mu “tsamba” ndi liwu limodzi kapena awiri?

“Ndimaphunzitsa Sitandade 1 kuno ku Ntcheu. Tikamaphwanya mawu oti tsamba, mnzanga wa kalasi ina amauza ana kuti muli t kenako s, maliwu awiri. Ine ndimati ts ndi liwu limodzi, koma akandifunsa chifukwa ndimasowa chonena. Zoona ndi ziti, ndipo munthu angadziwe bwanji?”

Aphunzitsi, ine ndili mbali yanu. Koma mnzanuyo musamuseke, khutu lake silinamunamize.

Nenani tsa pang'onopang'ono. Lilime limagunda kuseri kwa mano a m'mwamba n'kutsekereza mpweya, monga limachitira pa ta. Kusiyana kuli potsegula. Pa ta lilime limachoka kamodzi, mpweya n'kuphulika. Pa tsa limangosuntha pang'ono, mpweya n'kumadutsa pakampata kopanikizika, ndiye kumamveka sss. Liwu lotere akatswiri amalitcha afiriketi, ndipo ch, tch, j ndi dz ali m'gulu lomweli. Zigawo ziwiri zilipodi m'kamwa. Chimene mukukanganira n'chakuti Chichewa chimaziwerenga bwanji zigawozo, ngati fonimu imodzi kapena ziwiri, fonimu kukhala liwu limene likasintha mawu amasintha tanthauzo, monga tseka ndi seka.

Malembo musawadalire pa mlanduwu. Buku Lopatulika lakale limalemba cifukwa ndi nchito, ndipo boma lanulo kale linkalembedwa Ncheu. Lero tikulemba chifukwa, ntchito, Ntcheu. Malembo awonjezeka, koma pakamwa pa agogo athu sipanasinthe kanthu.

Mnzanuyo ali ndi mfundo ziwiri zooneka zolimba. Yoyamba: chotsani t mu tsamba mutsala ndi samba, chotsani s mutsala ndi tamba, kutamba kwa afiti kuja, onse mawu enieni. Izi zikungosonyeza kuti t alipo payekha ndipo s alipo payekha m'Chichewa. Sizikunena ngati ts ndi awiriwo atakumana kapena ndi wachitatu.

Yachiwiri ndiyo yondisangalatsa: tsamba, masamba, tsiku, masiku, dzira, mazira. Munthu atha kunena kuti t ndi d ndi tizidutswa tapatsogolo timene timagwa ma akabwera, ndiye kuti tinali patokha. Koma ikani mawu amenewa pambali pa anzawo a gulu lomwelo la mayina: phiri, mapiri, thumba, matumba, khasu, makasu. Apa palibe chagwa patsogolo. Liwu loyamba limangokhala lolimba chinthu chikakhala chimodzi, n'kufewa zikachuluka. Ndiye p amalimba kukhala ph, k kukhala kh, s kukhala ts, z kukhala dz. Lamulo ndi limodzi, ndipo likugwira liwu limodzi loyamba. Mukati ts ndi awiri, mufunika malamulo awiri pa chinthu chimodzi. Onaninso tchimo, machimo. Pano t sakuyimira liwu lina lililonse, akungosonyeza kuti ch akutuluka ndi mpweya wambiri. Gwirani kapepala kutsogolo kwa milomo munene chala, kenako tchire: pa tchire kapepala kagwedezeka. Ch ali ndi mnzake wa mpweya monga momwe p, t ndi k alili ndi awo, ndipo pambuyo pa n kapena m wa m'phatikizo lomwelo onse anayi amatenga mpweyawo: mphaka, nthaka, nkhuku, ntchentche. Akuyenda pamzere umodzi ndi maliwu amene palibe amakayika kuti ndi amodziamodzi.

Njira zoyesera zimenezi si zanga. Nikolai Trubetzkoy, katswiri wa zilankhulo, anazilemba m'buku lake la 1939 la fonoloje, maphunziro a maliwu a chilankhulo, ndipo lamulo lake loyamba ndi losavuta: maliwu awiri akagwera m'maphatikizo osiyana, sangakhale fonimu imodzi. Imani pa siteji kuno mumve kondakitala akuitanira. Amakoka kuti Deee-dza, simudzamva Ded-za. Ana anunso akamawomba m'manja amati ma-dzi, Tsa-nga-no. Kungoti kwa ife umboni umenewu ndi wofooka, chifukwa phatikizo la Chichewa silithera ndi konsonanti, kotero chilichonse cha pakati pa mavawelo chimapita kutsogolo basi.

Umboni wamphamvu uli m'mawu obwereka. Chichewa chikakumana ndi makonsonanti awiri oyandikana amene chimawaona ngati awiri, chimalowetsa vawelo pakati. N'chifukwa chake timati sukulu, sitolo, buledi. Tengani jekeseni. Kochokera mawuwa kuli k ndi sh oyandikana, ife tinawalekanitsa kukhala ke-se, monga tinachitira pa bokosi ndi takisi. Koma j wa kumayambiriro, amenenso ndi kutseka kotsatana ndi kudutsa kwa mpweya pakampata kopanikizika, sitinamukhudze. Palibe anati dijekeseni. Tchalitchi ndi wotchi chimodzimodzi. Anthu amene anabwereka mawuwa sanaphunzire fonoloje, koma anasiyanitsa bwinobwino. Komanso t akanakhala womasuka kutsogolera s, akanatsogoleranso ena, tikanakhala ndi tfa kapena ksa. Kulibe.

Yankho ndi la chilankhulo chilichonse pachokha. M'Chingerezi, mawu otanthauza mphaka amathera ndi t, amphaka akachuluka amawonjezera s. M'kamwa mumatuluka ts wofanana ndi wathu, koma kwa iwo ndi awiri, popeza s ali ndi ntchito yakeyake. Chipolishi ndiye chili ndi zonse: czy, mawu ofunsira ngati kodi wathu, amayamba ndi afiriketi, pomwe trzy, kutanthauza 3, amayamba ndi t wotsatana ndi liwu lina, ndipo eni ake amamva kusiyanako. Kwathu kulibe mawu awiri osiyana motero.

M'kalasi ndiye phunzitsani ts-a-mb-a, ts n'kumutchula kamodzi. Mukamuphwanya, mwana amachita zimene Chichewa chimachita ndi makonsonanti awiri, amaikapo vawelo. Ndinamvapo kamtsikana kena ka m'banja mwathu kakuwerenga ti-sa-mba, chala chili pa mawuwo, chithunzi cha tsamba chili pomwepo pambali. Kanachita ndendende zimene kanauzidwa.

Pali pamene ine ndimayenda mosamala, ndipo mnzanuyo akachenjera adzakugwirirani pomwepo: ps ndi bz, a mu kupsa ndi kubzala. Mu ts ndi dz kutseka ndi kutsegula kumachitika malo amodzi, kuseri kwa mano. Mu ps milomo ndiyo imatseka, lilime n'kumalizitsa kwina, ndipo Trubetzkoy ankafuna kuti fonimu imodzi ikhale kuyenda kumodzi kwa m'kamwa. Ndiye ngati psa ndi tsa onse alipo, sikuti p ndi t akusinthana patsogolo pa s? Mvetserani bwino s wa mu kupsa. Kwa ambiri si s wa mu samba, amamveka wokhuthala, ndipo n'chifukwa chake ena amalemba kupsya. Ena amati kupya, ndipo kubzala ena amati kubyala, enanso kudzala. Ine ndimaona kuti ps ndi bz anachokera ku p ndi b otsatana ndi y, y uja n'kumalimba mpaka kuyamba kupanikiza mpweya. Pa awiri amenewa wonena kuti ndi maliwu awiri sindingamutsutse kwambiri. Kwa ana a zaka 6, psa aphunzitseni ngati phatikizo lathunthu, ndipo mwana wa kumudzi kumene amati kudzala akawerenga motero musamulembe kuti walakwa liwu.