Kujambula tsamba la kaundula wolembedwa pamanja

Funso: "Ndikujambula ndi foni mabuku akale a kumpingo kwathu kuno ku Mangochi kuti anzanga akawataipe, koma zithunzi zikumatuluka ndi mthunzi, pena kung'anima, ndipo mawu a pakati pa buku akumakhota. Nditani?"

Achimwene, yambani mwazimitsa fulashi. Ndi imene ikung'animitsa tsambalo, makamaka polembedwa ndi pensulo, chifukwa pensulo imabweza kuwala. Dzuwa la masana la kunyanja kuno nalonso lipeweni. Khalani pakhonde pamthunzi, kapena pafupi ndi windo m'mawa, kuwala kuzichokera cham'mbali osati kumsana kwanu. Mbali ina ikada, imikani pepala loyera kumeneko libwezere kuwala patsamba.

Mthunzi winawo ndi wa foni yanu yomwe. Ikwezeni masentimita ngati 40, ndipo ikhale chogona molingana ndi pepala. Mukaipendeketsa, mizere ya kumtunda imachepa.

Kukhotako ndiye kovuta. Musalikanikize buku lakale kuti liyalike, msana wake uthyoka. Litsegulireni theka, ngati chilembo L: tsamba lojambulalo ligone patebulo, mbali inayo iime motsamira mabuku ena, wina aigwirizire. Muzijambula tsamba limodzilimodzi. Ngati pepala ndi lopyapyala moti inki ya kuseri ikuonekera, lowetsani pepala lakuda pansi pake.

Musanatembenuze tsamba, kuzani chithunzicho muwerenge mawu oyandikira msana wa buku. Ngati 1 ndi 7 sizikusiyanitsika, jambulaninso pomwepo. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, apo ayi zithunzi zimachepetsedwa, timizere tating'ono n'kufufutika.