Maola enieni, osati okondweretsa abwana

"Ntchito ya maola 4 yanditengera 9. Ndilembe 9 kapena ndichepetse?"

Achimwene, lembani 9, koma muwagawe. Ine ndinkaika mawaya a netiweki muofesi ina: kukoka mawaya kunatenga maola 4 ndithu, koma 3 anathera kuboola khoma la konkire, 2 kudikira makiyi a chipinda. Nditalemba chonchi, tinaona kuti kuyerekeza kwathu kunkaiwala makoma ndi kudikira. Tsopano tisanatchule mtengo timayamba tagogoda khoma.

Mukalemba 4, mnzanu adzapatsidwanso maola 4 pa ntchito yomweyo, n'kumaweruka usiku. Zimandiwawa zimenezi.

Abwana akamakalipira anthu ndi manambalawa, mudzaona aliyense akulemba ndendende maola amene anapatsidwa. Pamenepo manambala afa. Apempheni kuti muziona maolawo potengera mtundu wa ntchito, osati dzina la munthu.